Sabata imene ndinalembera bodi za ndalama za dizilo

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama ku kopaletivi ina ya alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota, ndipo chaka chathu cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, monga cha boma. Lolemba m'mawa, kumayambiriro kwa Febuluwale 2024, a manejala anandiitana mu ofesi mwawo atagwira lipoti la miyezi khumi limene ndinawapatsa Lachisanu lapitalo. Lipotilo linkaonetsa kuti nthambi ya zamayendedwe, imene imayang'anira malole athu awiri ndi galimoto imodzi yaing'ono, inali itapyola bajeti yake ndi K8,319,000. Anandiuza kuti bodi ikumana Loweruka, choncho pofika Lachisanu masana memo yofotokoza chimene chinachitika ndi kumene ndalamazo zichokere ikhale itafika kwa a wapampando.

Mkulu wa zamayendedwe anali pomwepo, ndipo yankho anali nalo kale. "Bwana, apa palibe chovuta," iwo anatero. "Kwacha inagwa, dizilo anakwera, aliyense akudziwa. Tingolemba zomwezo." Sananame. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo nthawi yomweyo bungwe la MERA linakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Koma mu bodi yathu muli mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito amene amabwera ndi kalikyuleta kumsonkhano, ndipo ndinadziwa kuti memo yonena za kugwa kwa kwacha kokha sikhala mphindi zisanu m'manja mwawo.

Tsiku lonselo ndinalithera pa funso limodzi: pa ndalama zimene zapyolazi, ndi zingati zimene kukwera kwa mtengo kungazifotokozedi? Kawerengedwe kake ndi kosavuta. Mumatenga malita amene bajeti inavomereza, n'kuwachulukitsa ndi kusiyana kwa mtengo watsopano ndi wakale, kwa miyezi yokhayo imene mtengo watsopano wakhala ukugwira ntchito. Bajeti yathu inali malita 1,500 pamwezi, ndipo kusiyana kwa mitengo kunali K814 pa lita. Ife timagula dizilo kamodzi pamwezi, cha pakati pa mwezi, n'kuthira m'thanki yathu, kotero wa Novembala tinamugula atakwera kale. Miyezi itatu, Novembala, Disembala ndi Januwale, inandipatsa K3,663,000. Ndiye kuti kugwa kwa kwacha sikunafotokoze ngakhale theka la ndalama zimene tinkafunsidwa.

Lachiwiri ndinasiya kuyang'ana makwacha n'kuyamba kuwerenga malita, chifukwa malita sasintha ndi mtengo wa dola. Ndinatenga buku la pathanki ndi malogibuku a madalaivala, n'kuyamba kuyerekeza mwezi ndi mwezi. M'miyezi khumi tinayenera kugwiritsa ntchito malita 15,000, koma tinagwiritsa ntchito 16,800, ndipo malita 1,800 owonjezerawo anatha pakati pa Juni ndi Ogasiti, nthawi yogula mpunga kwa mamembala, kwacha isanagwe n'komwe. Pa mtengo wakale wa K1,920, zimenezo ndi K3,456,000. Poyamba ndinaganiza za kuba, monga mmene aliyense woona mabuku amaganizira dizilo akamatha msanga, koma makilomita a m'malogibuku ankagwirizana ndi malita amene anathiridwa. Vuto linaoneka nditayika malogibukuwo pambali pa malisiti a pasikelo ya kunkhokwe. Lole yonyamula matumba 200 inkapita cha ku Dwangwa n'kubwera ndi matumba 70, mawa lake n'kupita cha ku Chia n'kubwera ndi 90, kenako n'kubwereranso ku Dwangwa. Panalibe ndondomeko ya masiku otolera mpunga. Wapampando wa kalabu akaimba foni kuti mpunga wawo wauma ndipo mavenda akuzungulira, lole inkanyamuka.

Apa ndiyenera kuwanenerako anzanga a zamayendedwe. Mlimi amene wadikira lole masiku anayi, venda ali pakhomo ndi ndalama m'manja, amagulitsa, ndipo kopaletivi imataya mpungawo pamodzi ndi ngongole ya mbewu imene inayenera kudulidwa pogula. Chotero maulendowo anali ndi chifukwa chake. Cholakwa chinali chakuti palibe amene anabwera kudzapempha kuti bajeti ionjezeredwe mu Julayi, ndipo ine ndemwe, amene ndimaona malipoti mwezi uliwonse, ndinaona kukwerako n'kudziuza kuti zidzafanana miyezi ya dzinja malole akadzaima. Zimenezi ndinazilemba mu memo momwemo.

Zinatsala K1,200,000 zimene sindinkaziona m'dizilo. Lachitatu m'mawa ndinatsegula leja n'kuyang'ana vocha iliyonse, ndipo ndinapeza kuti inali ndalama ya chakudya ndi maalawansi a maphunziro a alimi amene anachitika mu Okutobala. Kalaliki anailemba ku zamayendedwe chifukwa pa vochayo panali mawu akuti thiransipoti, pamene inayenera kupita ku nthambi ya maphunziro, komwe bajeti yake inali ikudikira osakhudzidwa. Ndinaibwezera kwawo, ndipo ngongole ya zamayendedwe inatsika kufika pa K7,119,000. Ndinasangalala kwa maola awiri okha.

Ndili ndi chizolowezi chakuti ndisanalembe chiwerengero chilichonse chopita ku bodi, ndimaimbira onse amene amatigulitsa katundu kuwafunsa kuti m'mabuku mwawo tili ndi ngongole yanji. Leja imadziwa zokhazo zimene zaifika, ndipo pepala limene lili m'dilowa ya munthu silidziwa. Mwini galaja ina ya ku Salima anandiuza mwaulemu kuti akudikirabe K2,400,000 ya giyabokosi imene anakonza mu Disembala. Nditawafunsa a zamayendedwe, anaitulutsa invoisiyo m'dilowa. Lole inafera pamsewu wa M5 itanyamula mpunga wopita ku Lilongwe, iwo anagwirizana ndi makaniko pa foni, ndipo chikalata choitanitsira ntchito, chimene chikanandidziwitsa kuti ndalama yalonjezedwa, sichinalembedwe. "Achimwene, ndimati ndiibweretse zinthu zikakhazikika," anandiuza motsitsa mawu. Ngongole inakwera kufika pa K9,519,000.

Ngakhale chiwerengero chimenechi sichinali choyenera kupita nacho ku bodi. Chaka chinali chisanathe, ndipo dizilo wa Febuluwale ndi Malichi tinali tidzamugulabe pa K2,734 pamene bajeti inkawerengera K1,920. Miyezi iwiriyo inaonjezera K2,442,000, kutanthauza kuti pofika pa 31 Malichi tidzakhala titapyola ndi K11,961,000. A manejala sanakondwere nazo. Anafunsa chifukwa chimene tikudziululira ngongole imene sinachitike, pamene bodi yangofunsa za K8,319,000. Ndinawayankha kuti tikapempha zochepa Loweruka, mu Epulo tidzabweranso ndi memo yachiwiri pa nkhani yomweyi, ndipo pamenepo funso silidzakhalanso la dizilo koma la ngati mabuku athu ndi odalirika. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndipitirize.

Lachinayi linali la kufunafuna kotseka dzenje, ndipo ndi tsiku limene tinakangana kwambiri. Maganizo atatu ndinawakana. Loyamba linali lobwereka ku akaunti ya ndalama zimene bungwe lina linatipatsa kuti tichulukitse mbewu. Ndalama zoterezi zimabwera ndi mgwirizano wonena ntchito yake, ndipo oona mabuku akapeza kuti zinagula dizilo wa malole, timauzidwa kuti tibweze zonse. Lachiwiri linali lochedwetsa msonkho wa pamalipiro ndi penshoni ya antchito. Zimenezo si ndalama zathu, ndipo msonkhowo ukapanda kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, pamabwera chindapusa chimene chimangokulitsa ngongole. Lachitatu linali lokopa kwambiri: tinali ndi kilombero m'nkhokwe, mtengo wake unali ukukwera, ndiye tingolemba kuti phindu lake lidzatseka zonse. Koma mpunga wosagulitsidwa sungalipire mwini galaja, ndiponso phindu limenelo mamembala amaliyembekezera pa bonasi yawo.

Zimene zinatsala zinali ndalama zimene ndikanatha kuziloza ndi chala. Mu bajeti munali K5,000,000 yomangira mpanda wa kunkhokwe, ndipo kontirakitala anali asanasainidwe, choncho ntchitoyo ikanatha kudikira chaka chamawa. Panali malo a kalaliki wa kunkhokwe amene akhala opanda munthu kuyambira Julayi, ndipo malipiro ake a K300,000 pamwezi kwa miyezi isanu ndi inayi anatipatsa K2,700,000. A zamayendedwe anavomera kuchepetsa malita 500 mu Febuluwale ndi ena 500 mu Malichi poimitsa lole imodzi, popeza imeneyo sinali nyengo yotolera mpunga, ndipo pa mtengo watsopano zimenezo ndi K2,734,000. Zotsala, K1,527,000, zinayenera kuchoka ku thumba lathu la padera, limene malamulo a kopaletivi yathu salola aliyense kulikhudza popanda chilolezo cha bodi. Pa njira iliyonse ndinalemba chimene tikutaya. Kuchedwetsa mpanda, mwachitsanzo, kukutanthauza kuti nkhokwe ikhalabe pamtetete nyengo ina yokolola, ndipo simenti idzakhala itakwera tikamadzayamba.

Memo yeniyeniyo ndinailemba usiku wa Lachinayi, ndipo inakwana masamba awiri. Poyamba ndinayamba ndi mbiri ya kugwa kwa kwacha, koma ndinaifafaniza nditaona kuti membala wa bodi afika tsamba lachiwiri asanadziwe chimene tikumupempha. Ndime yoyamba inakhala yotere: "Nthambi ya zamayendedwe idzapyola bajeti yake ndi K11,961,000 pofika pa 31 Malichi 2024. Mwa ndalamazi, K6,105,000 ndi za kukwera kwa dizilo, K3,456,000 ndi za maulendo owonjezera a pakati pa Juni ndi Ogasiti, ndipo K2,400,000 ndi za kukonzetsa lole popanda chikalata choitanitsira ntchito. Tikupempha bodi kuti ilole kusamutsa K7,700,000 kuchoka ku mpanda ndi ku malipiro, komanso kutapa K1,527,000 ku thumba la padera; K2,734,000 zotsalazo tidzazipulumutsa poimitsa lole imodzi." M'munsi mwake ndinasiyanitsa zochitika kamodzi ndi zobwerezabwereza: giyabokosi yakonzedwa ndipo yatha, maulendo angachepe tikaika masiku otolera mpunga dera ndi dera, koma mtengo wa dizilo sudzabwerera, kotero bajeti ya chaka choyamba mu Epulo 2024 inayenera kuwerengera K2,734.

Lachisanu m'mawa mkulu wa zamayendedwe anaiwerenga, n'kupempha kuti mawu akuti "popanda chikalata" achotsedwe. Sindinawachotse, koma ndinaonjezera chiganizo chofotokoza kuti lole inafa itanyamula katundu pamsewu, ndi chinanso chonena kuti ofesi ya ndalama inaona kukwera kwa malita mu Julayi koma sinachenjeze. Dzina la munthu silinalembedwe paliponse. A manejala anasaina cha m'ma 11 koloko, ndipo ine ndinalumikiza kumbuyo kwake tsamba la malita a mwezi ndi mwezi pamodzi ndi kope ya invoisi ya ku galaja. Madzulo a wapampando anaimba foni atamaliza kuwerenga. Sanafunse za dizilo. Anafuna kudziwa ngati pali madilowa ena amene sitinawatsegule, ndipo ananditumiza kuti pofika Loweruka m'mawa ndibwere ndi mndandanda wa onse amene ndinawaimbira Lachitatu, ndi ndalama imene aliyense ananena.