Tsiku limene ndinapempha pasi pa tchesi

Poti dzina loti "a Pasi" lafika kale mpaka kwa apongozi ku Lobi, bola ndifotokoze ndekha, chifukwa nkhani imene mlamu wanga akufalitsa yachuluka mchere. Choyamba, sindinalire. Unali utsi wa pachiwaya, ndipo amene anakhalako pa Dedza boma mwezi wa Julaye akudziwa kuti mphepo yotsika m'phiri muja imatulutsa misozi ngakhale munthu wouma mtima.

Tinali pakhonde la ometa, titabetcherana mbale ziwiri za tchipisi. Mlamu ameneyu ndi mlongo wawo wa mayi akunyumba, mwana wa Fomu 1, amene tchesi ndinamuphunzitsa ndine ndi manja angawa. Bolodi inali itayera, kwatsala zinthu zinayi basi. Ine wa zoyera ndinali ndi mfumu pa g6 ndi poni pa e4. Iye anali ndi mfumu pa c4 ndi poni pa e5, ngakhale kunena zoona poni yakeyo inali kachitsekerero ka botolo, yeniyeniyo inasowa kalekale. Maponi awiriwa anali atagundana mphumi ngati atonde, palibe yosuntha. Woyenda ndinali ine.

Ndinaona kachitsekerero kaja kali kokhakokha ngati mwana wamasiye, mfumu yanga ili pafupi. Ndinaitaniratu wa tchipisi kuti aike mazira, olipira alipo. Kenako ndinanyamula mfumu n'kuimenyetsa pa f5 mwaphokoso, kuti ndi amene anali kumetedwa m'kati amve. Kunali kuyenda kokongola, ndikulimbikirabe mpaka lero: kuchokera pa f5 mfumu ikuopseza poni yake pa e5, ikulonderanso yanga pa e4. Ntchito ziwiri, malipiro amodzi.

Mwana uja sanaganize n'komwe. Anakankha mfumu yake ndi chala chimodzi kufika pa d4, n'kupisa manja m'thumba la juzi.

"Alamu, yendani."

Ndinatambasula dzanja. Linaima m'malere.

Kudya poni yake sikutheka, mfumu yake ikuiteteza. Poni yanga siingasunthe, kutsogolo kwatsekedwa. Pa f4 sindingapondepo, ndi pakamwa pa poni yake. Kwatsala mabokosi asanu: e6, f6, g6, g5 ndi g4. Ndinawayendera limodzilimodzi ngati munthu wofuna nyumba ya lendi, ndipo lililonse linali kutali ndi e4. Kulikonse kumene ndingapite, poni yanga ikutsala yopanda mlonda, mfumu yake ili nayo khomo ndi khomo. Koma chonsecho palibe chimene chinali kundiopseza! Sindinali pa tcheki. Poni yanga sakanaidya ine ndili pa f5. Pamene ndinaimapo panali pabwino kwambiri, vuto linali loti ndichokepo.

Dzanja lija linakhala m'mwamba mpaka linachita dzanzi. Maminibasi a ku Lilongwe anadzaza atatu n'kunyamuka. Wometedwa uja anamaliza, anapita kwawo, ndevu zinameranso, anabwerera kudzameta kachiwiri, ine ndidakayang'ana mabokosi asanu omwe aja ngati mwina lachisanu ndi chimodzi litulukira. Tchipisi chinafika, chinazizira, mafuta anagwirana. Ndinayesa kutsokomola. Ndinafunsa mlamu za maphunziro ake. Ndinapita kukataya madzi ndi chiyembekezo choti mbuzi idutsa n'kugubuduza bolodi, koma mbuzi za pa boma zimangobwera pamene suzifuna.

Ndiye ndinachita chimene munamvacho. Ndinagogoda patebulo kawiri monga timachitira pa makadi, n'kunena ndi mawu aulemu kuti, "Pasi. Yenda iwe."

Khonde lonse linagwa nako kuseka. Aphunzitsi ena opuma, amene amakhala pamenepo tsiku lililonse ndi nyuzi yadzana, anachita kuvula magalasi.

"Achimwene, pa tchesi palibe pasi. Mwalowa mu zuguzwangi."

Ine ndinayesa akunena matenda a ng'ombe. Anati ndi mawu a Chijeremani, kutanthauza kukakamizidwa kuyenda: ulipo bwino, koma lamulo likuti yenda, ndipo kuyenda kulikonse kololedwa kukugwetsera m'dzenje. Ndinayesa kudandaula kuti ngati zili choncho ndiye talepherana, poti ndilibe koyenda. Anandikaniza. Kulepherana kumeneko, kumene amati sitelimeti, kumachitika pamene ulibe kuyenda kololedwa ngakhale kumodzi ndipo suli pa tcheki. Ine ndinali nako kusanu. Kungoti konse kunali konunkha.

Ndinasankha g4, poganiza zothamangira kutsogolo kwa poni yake ndikaitsekere njira. Anadya e4. Ndinapita pa g3, iye pa e3, ndipo mfumu yake itakhala pamenepo kachitsekerero kanayenda ulendo wake ngati mkwatibwi woperekezedwa, mpaka pa e1. Kwini yakenso inali mwala.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si tchipisi ayi. Aphunzitsi aja anabwezeretsa zonse pamene zinali, mfumu yanga pa g6, n'kuisuntha bokosi limodzi lokha, pa f6. Taonani: kuchokera pa f6 ndikuopsezabe e5. Mwana alibe kuchitira mwina, ayenera kubwera pa d4 kudzaiteteza, chifukwa akapita pa d3 ndimangodya e5, mfumu yanga n'kukhala ikuteteza e4 pomwepo. Akangofika pa d4, m'pamene ine ndimaponda pa f5. Chithunzi chomwe chija ndendende, mafumu malo omwewo, maponi malo omwewo, koma woyenda tsopano ndi iye. Pa d5 sangapondepo, ndi pakamwa pa poni yanga. Asiye e5, ndidye, ndikafike pa e6, nkhani yatha. Tchipisi alipira mwana wasukulu, kutanthauza kuti alipira mlongo wake, kutanthauza kuti ndilipirabe ine, koma ulemu ukanatsala.

Anati f5 ndi d4 ndi mabokosi apachibale, lililonse lili ngati msampha wa mbewa: woyamba kuponda lake, mnzake ali pafupi ndi lake, ndiye wakodwa. Ndipo anandionetsa mmene ndikanaununkhizira msamphawo ndisanapondepo. Maponi akagundana moti palibe yoyenda, ndiye kuti chosuntha ndi mfumu yokha. Mfumuyo ikakhala kuti ili ndi ntchito yolondera imene ingagwiridwe pabokosi limodzi lokha, usafunse kuti "ndikuopseza chiyani?" ayi. Funsa kuti, "Iye akayankha, ine ndidzayenda chiyani?" Ukapeza kuti yankho limene mtima ukufuna ndi kungokhala phee, bwerera, usapondepo. Anawonjezanso kuti pakakhala poni ina kumbali imene ikadali ndi mpata wosuntha, imeneyo ndi pasi wololedwa: umaisuntha bokosi limodzi, mpira n'kubwerera kwa mnzako. N'chifukwa chake akatswiri amawerengeratu kuti ndani watsala ndi kuyenda kotere kochuluka. Ine maponi anga am'mbali ndinali nditawagawa kale m'mawa ngati makuponi.

Podziteteza ndinene kuti f5 ndi f6 ndi mabokosi oyandikana, zala zinali zitauma ndi chisanu, ndipo munthu sungaganize bwino ukusewera ndi chitsekerero. Komanso pasi wanga uja sanali wopusa monga mukunenera. Aphunzitsi omwewo anavomera kuti akanaloledwa, wopambana ndikanakhala ine. Ndiye kuti bolodi ndinaiwerenga molondola, kungoti mochedwa ndi kuyenda kumodzi.

Mlamu anadya mbale zonse ziwiri, chozizira chomwecho. Madzulo kunyumba mayi anandifunsa ngati ndisambe kaye kapena ndidye kaye, ndipo ndisanatsegule pakamwa, mawu anamveka kuchokera kukhitchini kuti, "Asiyeni, akuganiza pasi."