Katswiri wa Excel ananditsitsira mtengo wa wilibala

Shopu yanga ya hadiweya ku Luwinga inkafuna munthu woyang'anira katundu ndi malonda. Masivii anabwera mulu. Ndinakhala nawo pansi ndi cholembera chofiira, n'kumadula mzere paliponse pamene munthu wadzitama popanda chogwirika.

Mmodzi sanandivute. Analemba kuti digiri yake anaitenga ku Mzuni mu 1998, chikhalirecho yunivesiteyi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Bambo ameneyu anamaliza sukulu isanatsegulidwe. Ndinaiika pambali siviiyo mwaulemu, poti anthu otere ndi osowa.

Amene anandikopa anali mnyamata wa ku Zolozolo. Analemba kuti kushopu ina anakweza malonda ndi 40 peresenti pakati pa 2023 ndi 2024, ankayang'anira anthu 12, komanso ndi katswiri wa Excel, pulogalamu ya pakompyuta yolembera ndandanda ndi kuwerengera. Ndinakonza funso pa chilichonse.

Za 40 peresentizo ndi zimene ndinaziganizira kwambiri. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo n'kuuluka. Tiyerekeze kuti munkagulitsa matumba 100 a simenti pa K10,000, ndiye K1,000,000. Chaka chotsatira mwagulitsa matumba 90 okha pa K16,000, ndiye K1,440,000. Ndalama zakwera kupitirira 40 peresenti, koma matumba khumi atsala m'sitolo. Choncho funso si lakuti munakweza bwanji malonda, poti pamenepo munthu amangolalikira. Umamufunsa kuti ankagulitsa matumba angati pamwezi asanafike, ndipo anafika pa angati.

Mnyamatayo anabwera atavala suti ndi mpango, kunja kukuwaza kamvula ka Mzuzu kaja.

"Achimwene, 40 peresentiyi ndi ya ndalama kapena ya katundu?"

"Zonse, bwana."

"Matumba angati pamwezi?"

"Ambiri ndithu, bwana. Malole."

Pa anthu 12 aja ndinafunsa kuti ndani ankalemba ndandanda ya mashifiti, ndipo wina akajomba ankatani. Munthu amene anayang'aniradi anzake sachedwa kukumbukira amene ankamudwalitsa mutu. Uyu anayang'ana kudenga, kenako n'kuulula kuti 12 aja anali aganyu otsitsa simenti lole ikabwera, ndipo iye ankagwira geti.

Tinafika pa Excel. Apa sufunsa, umapereka makina. Ndinali nditakonza fayilo yoyeserera pa fulashi, koma mphwanga anali atapita nayo kukaikamo nyimbo. Ndiye ndinamutembenuzira laputopu ya pakauntala, mmene muli mitengo yeniyeni: maina a katundu mu mzere A, mitengo mu mzere B, zodula pamwamba, tinthu tating'ono pansi.

"Tandisanjirani katunduyu kuyambira A mpaka Z."

Anathyola zala mwaukatswiri. Nthawi yomweyo kunalowa kasitomala wofuna malata, ndinadzuka. Pobwerera ndinapeza laputopu yotseka, mnyamata atapinda manja.

"Zatheka, bwana. Ndasevanso."

Nditasuzumira, maina analidi pamzere bwinobwino, bawuti pamwamba, wilibala pansi. Mumtima ndinati apa pokha sananame.

Zimene anachita ndinazitulukira m'mawa mwake. Ukasankha mzere umodzi wokha n'kuuza Excel kuti isanje, imakuchenjeza ndi kabokosi kolembedwa Sort Warning, n'kukupatsa zosankha ziwiri. Expand the selection imasuntha dzina pamodzi ndi mtengo wake. Continue with the current selection imasuntha maina okha, mitengo n'kutsala pomwe inali. Katswiri wathu anasankha yachiwiriyo, n'kuseva, n'kutseka fayilo. Ikatsekedwa, ngakhale Ctrl+Z, yobweza zimene wachita kumene, sibwezanso kanthu.

Ndinafika mochedwerapo, n'kupeza bambo wina akukalipira mtsikana wanga wapakauntala, amene anali asanathe sabata pantchito.

"Iwe mwana, bawuti imodzi ikhale pamtengo umenewu? Ndi yagolide?"

"Pepani bambo, ndi mmene yalembera kompyuta."

Bawuti inali itakwera pampando wa wilibala. Miyendo inazizira, ndinathamangitsa maso pansi pa ndandanda. Wilibala inali pa mtengo wa burashi ya penti. Pakona pamene pamakhala mawilibala panali pongosesa.

"Apita kuti?"

"Agula bambo ena omanga ku Chibavi, bwana. Anafunsa mtengo kawiri, kenako anaimbira anzawo."

Tsiku lonse ndinatseka shopu, ndikubwezera mitengo umodziumodzi kuchokera m'mabuku a malisiti. Chakumadzulo foni inalira: mnyamata wa suti uja, akufunsa ngati ayambe Lolemba, komanso ngati nyumba ndimalipirira. Ndisanapeze mawu omuyankha, pachitseko panagogoda bambo wa ku Chibavi, atabwera ndi kalole kahayala, akufunsa kuti mawilibala a pulomoshoni afikanso liti.