Lisiti ya malata yomwe inandiphunzitsanso kuwerenga ndalama m'Chichewa

Achemwali anga amakhala ku Mangalande, ndiye anzawo a kutchalitchi kumeneko anasonkha ndalama zofolerera kalasi ina kumudzi kwathu. Ntchito itatha anafuna malisiti onse m'Chingerezi, basi mtolo wonse unagwera ine poti ndine "wa sukulu" m'banjamo kkkk. Malisiti a kusitolo sanavute, koma panali imodzi yolemba pamanja, analemba ndi a msungichuma a komiti, mdala wa zaka zoposa 70 amene anaphunzira nthawi ija Chichewa ankachiphunzitsa mosaseka. Pepala lomwe ndinalandira linali la kaboni, pamene analemba manambala panafufutika ndi chinyontho moti pankangooneka K1,7 ndi maziro kumapeto. Chotsala chinali mzere wa mawu, ndipo unali motere:

"Talandira makwacha miliyoni imodzi, zikwi mazana asanu ndi awiri ndi makumi asanu ndi ziwiri, ndi mazana asanu."

Ndivomere, ndinawerenga katatu osamva. Ife pamsika timangoti faifi handiredi, teni sauzande, palibe amene amagula tomato n'kunena kuti mazana asanu. Mawuwo ndimawadziwa, khumi ndi 10, zana ndi 100, chikwi ndi 1,000, ndipo zikachuluka timati makumi, mazana, zikwi. Vuto ndi loti manambala athu enieni amathera pa zisanu, kupitirira apo timaphatikiza, 6 ndi zisanu ndi chimodzi, 7 zisanu ndi ziwiri, mpaka 9 zisanu ndi zinayi. Ndiye kamawu koti "ndi" kamagwira ntchito ziwiri mumzere umodzi, pena kakumanga nambala ngati 7, pena kakulumikiza zigawo za ndalamayo, ndipo pamzere wa mdala uja kanalipo kanayi konse.

Ulendo woyamba ndinathamanga. Miliyoni imodzi, chabwino. Mazana asanu ndi awiri, 700, chabwino. Nditafika pa makumi asanu ndi ziwiri mutu wanga unangoti asanu kuphatikiza ziwiri ndi 7, ndiye 70, ndinalemba K1,770,500 n'kumadziona ngati dolo. Mwayi wake pansi pa lisitiyo analembapo zomwe anagula ndipo pamenepo pankawerengeka bwino, ndiye ndinatenga foni kuwonkhetsa. Malata 60 pa K18,500 lililonse ndi K1,110,000, simenti matumba 20 pa K27,000 ndi K540,000, misomali K42,500, thiransipoti K60,000. Zonse pamodzi K1,752,500. Nambala yanga inali itapitirira ndi K18,000, ndipo mtima unayamba kuganiza zoipa kuti kapena akomiti anadyapo, Mulungu andikhululukire.

Ndinawaimbira foni a msungichuma aja, titapatsana moni ndinati, "Abambo, pepani ndakuvutitsani, pa lisiti paja mawu ndi katundu sizikugwirizana." Anandiuza kuti ndiwawerengere mzerewo pang'onopang'ono, nditafika pakati anandidula. "Mwana wanga, ndalemba awiri kapena ziwiri?" Ndinayang'ananso, analemba ziwiri. "Nanga makumi amakhala ziwiri? Ziwirizo ndi zikwi."

Apa m'pamene maso anatseguka. Nambala m'Chichewa imatenga mphatikiram'mbuyo wa dzina lomwe ikuwerenga, timati anthu awiri, mitengo iwiri, zinthu ziwiri. Makumi ndi mazana amatenga a, zikwi zimatenga zi. Choncho zikwi makumi asanu ndi awiri ndi 70,000 chifukwa awiriwo ndi makumi, pomwe zikwi makumi asanu ndi ziwiri ndi 52,000 chifukwa ziwirizo zabwerera ku zikwi. Pa mazana m'pamene poopsa zedi, zikwi mazana asanu ndi awiri ndi 700,000 koma mukasintha n'kukhala ziwiri yatsika kufika 502,000, kusiyana kwa pafupifupi zikwi mazana awiri chifukwa cha kachidutswa kamodzi ka liwu.

Mmene ndinachitira ulendo wachiwiri, ndinajambula mabokosi atatu papepala, la mamiliyoni, la zikwi ndi la makwacha otsala, bokosi lililonse malo a manambala atatu. Kenaka nambala iliyonse ndinkaifunsa kuti ukugwirizana ndi ndani. Imodzi ndi ya miliyoni, 1 m'bokosi loyamba. Asanu ndi awiri ndi a mazana, 7. Asanu otsatira ndi a makumi, 5. Ziwiri ndi za zikwi, 2, ndipo zikwi zikatchulidwa chonchi bokosi lawo latsekeka pa 752. Mazana asanu akumapeto alowa m'bokosi lomaliza, 500. Ndi ija 1,752,500 yomwe foni inandipatsa.

Pali malo ena pomwe njira ya mphatikiram'mbuyoyi siithandiza, ndipo ndibwino kudziwiratu. Liwu loti makwacha nalonso limatenga a, ndiye munthu akalemba makwacha makumi asanu ndi awiri simungadziwe ngati ndi K70 kapena K52. Olemba mosamala amaika mphambu, makumi asanu ndi mphambu ziwiri, apo ndi 52 basi palibe kukangana. Chimodzimodzi zikwi mazana awiri ndi makumi asanu, ambiri amatanthauza 250,000 koma pa mawu okha ikhoza kukhalanso 200,050. Zikatero musalote, wonkhetsani katundu kapena funsani mwini wake amene analemba.

Kupita ku Chingerezi tsopano, musamasulire liwu ndi liwu, muyambe mwapeza nambala kenaka muilembe mwatsopano kuchokera pa mabokosi aja. Chifukwa chake dongosolo ndi lotembenuka, ife timayamba ndi dzina la ndalama ndi liwu loti zikwi kenaka kuchuluka kwake, iwo amayamba ndi kuchuluka, sauzande imabwera pambuyo ndipo kwacha kumapeto kwenikweni. Pakompyuta ndinalemba chonchi:

```
MWK 1,752,500.00
One million seven hundred and fifty-two thousand five hundred kwacha only
```

Tinthu tingapo apa ndinachita dala. Ndinaika MWK m'malo mwa K yekha chifukwa ku Zambia nakonso ndalama yawo ndi kwacha, yawo amailemba ZMW, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kutalitali, mzungu wa ku Mangalande akaona K yekha akhoza kusinthira pa kwacha yolakwika. Mawu a handiredi, sauzande ndi miliyoni m'Chingerezi saonjezeredwa s akatsatira nambala ngakhale ife timati mazana, zikwi, mamiliyoni, ndipo kwacha nayonso ndinaisiya yopanda s. Liwu loti only lomwe lili kumapeto ndi lomwe lija timalemba pa cheke, limatseka mzere kuti wina asaonjezerepo kanthu. Chizindikiro cha koma chimalekanitsa zikwi, dontho limalekanitsa matambala, poti matambala 100 ndiwo kwacha imodzi, ndiye maziro awiri akumapetowo akusonyeza kuti panalibe tambala. Amene muli ndi abale ku Tete muchenjere, malisiti a Chipwitikizi amatembenuza zimenezi, chizindikiro cha koma ndi chimene chimakhala pa masenti.

Achemwali anandipempha kuti ndilembe mtengowo m'mapaundi kuti anzawo amve msanga, ndinakana kuika pa lisiti penipeni, chifukwa pepala la mdala uja silinatchule mapaundi ndipo mtengo wosinthira umayenda tsiku ndi tsiku. Ndinawalembera pa kapepala kapadera pamodzi ndi deti lomwe anatumiza ndalama. Pansi pa kumasulirako ndinaonjezera chiganizo chimodzi chonena kuti manambala pa lisiti yoyambirira anafufutika, ndalamayo yachokera pa mawu ndipo ikugwirizana ndi kuwonkhetsa kwa katundu, kenaka ndinajambula mapepala onse awiri ndi foni n'kutumiza limodzi.