Mmene ndinawerengera msonkho umene ndalama za penshoni zinandipulumutsira ku Joni

Ndimagwira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka m'nkhokwe ya kampani ina ku Germiston. M'chaka cha msonkho chimene chinayamba pa 1 Malichi 2024 ndi kutha pa 28 Febuluwale 2025, malipiro anga anali R21 000 pamwezi. Mwezi uliwonse ankandidula R1 575, yomwe ndi 7.5 peresenti, kupita ku thumba la penshoni. Ndalama imeneyi inkandipweteka mtima, chifukwa kwathu ku Dedza ikanagulira mayi feteleza. Mayi amene amakonza malipiro athu anandiuza kuti, "Achimwene, musadandaule kwambiri, ndalama imeneyo ikukuchepetserani msonkho." Koma sanandiuze kuti ikuchepetsa ndi zingati, ndiye Lamlungu lina nditaweruka ku tchalitchi ndinakhala patebulo ndi kope, kalikuleta ya pafoni ndi pepala la IRP5 limene bwana amapereka chaka cha msonkho chikatha.

Lamulo lake ku South Africa lili m'gawo 11F la lamulo la msonkho wa zimene munthu amapeza. Ndalama imene yalowa mu thumba la penshoni imayamba yachotsedwa pa malipiro, kenako msonkho umawerengedwa pa zotsalazo. Choncho njira yodziwira zimene wapulumutsa ndi kuwerengera msonkho kawiri: koyamba ngati kuti sunasonkhe kalikonse, kachiwiri utachotsa zimene wasonkha. Kusiyana kwa mayankho awiriwo ndiye phindu lako.

Ndinalowa pa tsamba la SARS, bungwe lotolera msonkho ku South Africa, kukatenga magawo a msonkho a chaka chimenecho. Awiri oyamba ndi amene ankandikhudza. Kuyambira pa landi yoyamba mpaka R237 100 msonkho unali 18 peresenti. Kupitirira pamenepo mpaka R370 500, unkalipira R42 678 kuphatikiza 26 peresenti ya ndalama imene yadutsa R237 100. Ukamaliza, aliyense ankachotserapo R17 235, imene pa tsambalo imalembedwa kuti primary rebate.

Pachaka ndinkalandira R252 000, ndipo zimene ndinasonkha zinakwana R18 900. Ndisanawerengere bwino, ndinathamangira kuchita mwachidule: popeza malipiro anga ali m'gawo la 26 peresenti, ndinangotenga 26 peresenti ya R18 900 n'kupeza R4 914. Yankho limeneli linali lolakwika, ndipo ndinazindikira pokhapokha nditachita njira yaitali ija.

Kuwerengera koyamba kunayenda chonchi. R252 000 yadutsa R237 100 ndi R14 900. Ndinatenga 26 peresenti ya R14 900, yomwe ndi R3 874, n'kuphatikiza ndi R42 678, kupeza R46 552. Nditachotsa R17 235 panatsala R29 317. Umenewu ndi msonkho umene ndikanalipira ndikanakhala kuti ndilibe penshoni.

Kachiwiri ndinayamba ndachotsa R18 900 pa R252 000, panatsala R233 100. Apa m'pamene maso anga anatseguka, chifukwa R233 100 yatsikira pansi pa R237 100, ndiye kuti yonse ili m'gawo la 18 peresenti. Msonkho wake ndi R41 958, ndipo kuchotsa R17 235 kunasiya R24 723.

```
29 317 - 24 723 = 4 594
```

Ndiye R4 594, osati R4 914. R320 yasowayo yapita kuti? Ndalama ya penshoni imadula malipiro kuyambira kunsonga, ngati mmene timasadzira mtengo. R14 900 yoyamba inadulidwa pamene msonkho unali 26 peresenti, ndipo inandipulumutsira R3 874. R4 000 yotsalayo inadulidwa titalowa kale m'gawo la m'munsi, choncho inapulumutsa 18 peresenti yokha, yomwe ndi R720. Kuphatikiza ziwirizi kumabweretsa R4 594 yomwe ija. Njira yachidule imagwira ntchito ngati malipiro ako akhalabe m'gawo limodzi ngakhale utachotsa za penshoni. Ukakhala pafupi ndi malire ngati ine, imakunamiza.

Pamwezi ndiye kuti ndi pafupifupi R383. Pa R1 575 imene inkalowa m'thumba la penshoni, imene inkachepadi pa ndalama yofika m'manja mwanga inali pafupifupi R1 192. Inayo ikanapitabe ku msonkho.

Kenako ndinafuna kudziwa ngati ndalamayi ndiyenera kuiyembekezera kuti andibwezere. Ambiri mwa anzanga amaganiza choncho, ndipo amakhumudwa akaona kuti sikunabwere kanthu. Ndinatenga peyisilipi n'kuyang'ana mzere wa PAYE. Ngati okonza malipiro amachotsa kale za penshoni asanawerengere msonkho, pamzerepo payenera kukhala pafupifupi R24 723 kugawa ndi 12, yomwe ndi R2 060. Ngati sachotsa, payenera kukhala pafupifupi R2 443. Panga panali pafupi kwambiri ndi R2 060, kutanthauza kuti phindu lija ndinali nditalilandira kale mwezi ndi mwezi, ndipo panalibe choti andibwezere. Mzere wa UIF, inshuwalansi yothandiza munthu ntchito ikamuthera, musauvutikire, umakhala chimodzimodzi kaya mwasonkha kaya ayi.

Pa IRP5 panali chinthu china chimene chinandidodometsa. Kampani nayo inkandiikira 7.5 peresenti, R18 900 ina, ndipo ndinaipeza italembedwa pa nambala 3825 ngati ndalama imene ndalandira. Ndinaona ngati andiwonjezera msonkho pa ndalama imene sindinaigwire n'komwe. Nditatsika m'munsi ndinapeza kuti pa nambala 4003 palembedwa R37 800, yanga ndi ya kampani pamodzi. Lamulo limatenga zimene bwana wakuikira ngati gawo la malipiro ako, kenako limazichotsanso ngati kuti wasonkha ndiwe. M'thumba langa ndalamayo inalowa n'kutulukanso osasintha msonkho. Ndinayesa kuti nditsimikize: R270 900 kuchotsa R37 800 ndi R233 100 yomwe ija. Thumba langa ndi la mtundu wa provident fund; amene thumba lawo lili la mtundu wa pension fund aona 3817 ndi 4001 m'malo mwa manambala angawa.

Ndalama ya kampaniyo imagwira ntchito pa malire. M'chaka chimenecho munthu ankaloledwa kuchotsa mpaka 27.5 peresenti ya malipiro ake, koma osapyola R350 000. Pa R270 900, malire anga anali pafupifupi R74 497, ndipo R37 800 inali kutali. Zikapyola malire sizitayika, zimadikira kudzachotsedwa chaka chotsatira.

Poona kuti mpata ulipo, ndinawerengeranso za ganizo limene wogulitsa inshuwalansi wina anandipatsa, loti ndiziika R500 pamwezi m'thumba langalanga la ukalamba. Iye ankanena za 26 peresenti. Koma ine ndinali nditatsikira kale m'gawo la 18 peresenti, ndiye R6 000 ya pachaka ikanandipulumutsira R1 080, osati R1 560. Komanso popeza ndalamayi sidutsa kwa okonza malipiro, phindu lake likanabwera chaka cha msonkho chitatha, SARS itawerengera msonkho wanga pogwiritsa ntchito chiphaso cha IT3(f) chosonyeza zimene ndasonkha. Mlamu wanga amene amalandira R7 500 pamwezi ndinamuuza kuti kwa iye palibe chopulumutsa, chifukwa R90 000 pachaka siifika pa R95 750 pamene msonkho unkayambira.

Mu Seputembala 2024, dongosolo logawa ndalama za penshoni m'miphika iwiri litayamba, anzanga ambiri anathamangira kutapa mu mphika umene umaloledwa kutapamo munthu usanapume pa ntchito. Ine sindinatape. Ndalama yotapidwayo imawonjezedwa pamwamba pa malipiro n'kudulidwa msonkho, ndiye ndikanatapa R10 000, R4 000 yoyamba ikanadulidwa 18 peresenti, R6 000 inayo 26 peresenti, zonse pamodzi R2 280, osawerengera ndalama imene oyendetsa thumba amadula. Ndinaisiya momwemo, feteleza ndinagula ndi ndalama ina.