Usiku umene Sikono anandikanda ngati mandasi

Abale, kuzizira kwa mu Juni kuno ku Harare si kwamasewera, amene amakhala ku Mabvuku akudziwa, mphepo imalowa mnyumba ngati ili ndi kiyi wakewake. Ndiye mayi akunyumba anakagula bulangete latsopano ku Mbare, aja olemera ngati thumba la simenti, laubweya wofewa lojambula kambuku, ati ndi la apongozi anga omwe amabwera kuchokera ku Dedza. Analiika pamwamba pa wodiropu lili mpepala lake nkundiuza kuti, "Bambo a mwana, ili musalikhudze. Ngakhale kuliyang'ana musaliyang'ane."

Tsiku lomwelo iwo ndi mwana anakagona kwa achemwali awo kuti akachingamire basi mmamawa. Ine ndekha mnyumba, magetsi azima, kabulangete kanga kakale koonekera nyenyezi. Ndinalimba mtima mpaka cha mma 10, kenako ndinati aaa usiku umodzi wokha adziwa ndani.

Tulo take tinali tokoma, sindinama. Koma cha mma 2 ndinadzidzimuka ndikumva chinthu chikundiponda pachifuwa. Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, mosathamanga, ngati munthu wodziwa ntchito yake, uku tinthu tosongoka tikundibaya pang'onopang'ono kudutsa bulangete, ndiye pali kaphokoso kapansipansi ngati jenereta ya kutali, koma jeneretayo ikunjenjemera mnthiti mwanga. Mdima wa bii. Nkhani zonse zomwe agogo ankatiuza za anthu okwera anzawo usiku zinabwera pakamodzi, ndinati basi andipeza, adutsa Tete adutsa Nyamapanda popanda pasipoti. Ndinayesa pemphero koma lomwe linabwera ndi la chakudya. Kenako ndinangokuwa, "Mayooo! Ndikufa ine!"

Anafika ndi madala a khomo loyandikana, tochi kudzanja lina mpini kudzanja lina, atavala jekete ndi kabudula basi. Kuunika pabedi, ndi Sikono, kamphaka kathu komwe tinatola kuseri kwa msika kuti kazitithandiza makoswe. Ine ndinali nditadumphira pakona koma iko kanabwerera pabulangete kukupitiriza ntchito, maso katatsinzina theka, manja akutsogolo kakusinthanitsa, pakamwa kataluma ubweya wa bulangete kakuyamwa, dovu lili chuchuchu.

Madala anaseka mpaka anatsamira chitseko. Iwo anagwira ntchito ya mgadeni ku Borrowdale zaka zambiri, kunyumba ya amphaka ambirimbiri, ndipo ndi iwo ankawanyamula mbasiketi kupita nawo kwa dokotala wa ziweto.

"Mwana wanga, wadzutsa laini yonse chifukwa mphaka wakuyesa amake?"

"Amake bwanji madala, ine mwamuna wandevu?"

Anakhala pampando nkundifotokozera. Ati ana a mphaka amabadwa osaona komanso osamva, maso amatseguka patapita sabata kapena masiku 10, ndiye chomwe amadziwa ndi kutentha kwa mimba ya amawo basi. Poyamwa amakanda bere ndi timanja tawo, kamodzi uku kamodzi uku, ndipo kukandako ndi komwe kumachititsa kuti mkaka utsike. Mphaka amakula koma thupi lake siliiwala. Akangopeza chinthu chofunda, chofewa, chaubweya ngati mimba ija, manja amayamba okha. Nchifukwa chake kabulangete kanga kakale sanakakandepo, kuuma kwake ngati chiguduli, koma la kambuku usiku woyamba womwewo.

"Nanga kubayako, si chidani chimenecho?"

Ayi, ati akamatambasula zala zikhadabo zimatuluka zokha, akabweza zimalowa, iye sadziwa nkomwe kuti pansi pali chifuwa cha munthu. Ndipo pakati pa zala zakezo pamatuluka kafungo komwe ife sitimva koma amphaka anzake amamva, ndiye akamakanda akudindanso chidindo kuti malo ano ndi anga. Apa mtima unagunda, bulangete la apongozi ladindidwa ndi mphaka eni ake asanaligone.

Za jenereta ija anati ndiike chala pakhosi pake. Zoonadi ndi pomwe pamanjenjemera kwambiri. Phokosolo limachokera pakholingo, ndipo limamveka popumira mkati ndi popumira kunja pomwe, nchifukwa chake silidukiza ngati mkonono wa munthu. Kamwana kamayamba kuliza kali ndi masiku ochepa chabe, poyamwa pomwepo, chifukwa kulira miyawu bere lili mkamwa sikungatheke koma kaphokoso aka kamatheka pakamwa pali potseka, amake amamva kunjenjemerako nkudziwa kuti mwana ali bwino. Ndiye kukanda, kuliza ndi dovu zimayendera limodzi, zonse ndi za nthawi ya bere.

Kenako anandifunsa kuti tinamutola ali wamkulu bwanji. Ndinati ankakwana mchikhatho, ankayenda mogwaigwa. Anapukusa mutu, ati ameneyo anali ndi mwina masabata 4, pomwe mphaka amayenera kukhala ndi amake masabata 8 kapena kuposa, ndipo osiyitsidwa bere msanga ndi omwe kawirikawiri amayamwa nsalu chonchi. Kukanda kokha kulibe vuto, koma ndiziyang'ana ngati akubudula ulusi nkumameza, chifukwa umatha kutseka matumbo, ukaona akusanza ndi kukana chakudya thamanga naye kwa dokotala. Anawonjezanso kuti ndisamati mphaka akaliza jenereta ndiye kuti wakondwa nthawi zonse, amalizanso akamamva ululu ngakhale pobereka. Wokondwa amakhala thupi lili lobwebweta, maso otsinzina, ngati mmene analili Sikono. Wodwala amadzikunga pamodzi, amabisala kunsi kwa bedi, mbale yake osaikhudza.

Ine ndinali nditatola kale silipasi. Madala anandigwira mkono. "Ukammenya sasiya, angoyamba kukuopa iweyo. Mpatse juzi yakale yokhuthala, akayamba mnyamule bwinobwino umuike pamenepo. Zikhadabo udule kunsonga kokha, usafike pofiira paja pali magazi."

Atapita ndinaunika bulangete. Pankhope pa kambuku ulusi uli nyankhalala, ndiye pakatikati chibanga chonyowa chachikulu ngati mbale ya nsima. Magetsi kulibe, simbi singayake, ndinakupiza ndi katoni mpaka mkono kuwawa koma mu Juni mbandakucha chinthu chokhuthala chonchija chingaume? Ndili mkati molipinda kuti lilowe mpepala lake, lomwe linali litachepa mwadzidzidzi, ndinangomva "Odi kuno!"

Mayi akunyumba analitambasula pamaso pa amayi awo. Anayang'ana chibanga, anayang'ana ine. Apongozi anatembenukira kukhoma mwaulemu nkuyamba kuwerenga kalendala ya chaka chatha.

"Bambo a mwana, pamsinkhu wanuwu?"

"Si ine, ndi mphaka! Amandiyesa amake!"

Apongozi anatsokomola. Mboni yanga, madala aja, anali atakwera kale kombi ya kutauni, Sikono naye osaoneka tsiku lonse, ndipo ine ndinadya nsima ya masana nditawerama ngati mkamwini wa dzulodzulo.

Madzulo apongozi atakhala pasofa atafunda bulangete lawo, Sikono uyo, kudumphira pamiyendo, kumanja kumanzere, jenereta yayaka, dovu layamba. Ndinaimirira nkuloza ndi manja onse awiri. Iwo anangomusisita pamutu nkunena kuti, "Ndinadziwa mmawa momwe bambo, kwathu amphaka alipo. Ndimangofuna ndimve kuti bulangete langa linatsika bwanji pawodiropu."

Juzi yomwe mayi akunyumba anasankhira Sikono ndi yanga ija yopitira ku tchalitchi.