Chikasu chayambira pati pa tsamba?

Masamba a tomato wanga atayamba kusanduka achikasu, dzanja linathamangira ku thumba la yureya, feteleza wa nayitrojeni. Chinandiletsa n'chakuti chimanga cha pafupi pomwepo nachonso chinali ndi chikasu, koma chosafanana ndi cha tomatoyo. Ndinathyola tsamba limodzi uku, lina uko, n'kukhala pansi.

Choyamba ndinaona kuti masamba odwalawo ali pati. Onse anali a m'munsi, okalamba. Zakudya za mbewu monga nayitrojeni, potaziyamu ndi maginiziyamu zikachepa, mbewu imazichotsa m'masamba akale n'kuzipititsa ku ophukira kumene, n'chifukwa chake vuto limayambira pansi. Chikanayambira kumasamba anthete, ndikanaganizira salufa kapena ayironi.

Kenako ndinatsata njira ya chikasucho. Pa chimanga chinayambira kunsonga n'kutsika motsata msempha wapakati, ngati chilembo cha V, m'mphepete mukadali mobiriwira. Phesi linali lowonda, mbewu yonse yotuwa. Ameneyo ndi nayitrojeni, ndipo sindinadabwe, poti mvula yamphamvu imamukokolola msanga m'dothi lamchenga. Potaziyamu amachita zosiyana: tsamba limapsa m'mphepete ngati lawauka ndi moto, pakati pali pobiriwira, ndipo chimanga chotere chimagwa msanga ndi mphepo. Ndinafufuza mzere wonse, kupsa kotero sindinakupeze.

Tomato ndiye anandichedwetsa. Nditayang'anitsa tsamba lake padzuwa, mitsempha yonse inali yobiriwira bwinobwino, chikasu chili m'mipata ya pakati pa mitsemphayo. Umu ndi momwe maginiziyamu amaonekera akachepa. Pa chimanga amajambula mizere yoyenda m'litali mwa tsamba, ndipo apa mpofunika kusamala, chifukwa matenda a mizere a chimanga amafananako, kungoti mizere yawo ndi yodukaduka ndipo imaoneka kwambiri pa masamba atsopano.

Chomwe chinandipweteka n'chakuti vutoli ndinalikulitsa ndekha. Tomato atayamba kubereka ndinathira feteleza wambiri wa potaziyamu, pomwe potaziyamu akachuluka m'nthaka mizu imalephera kuyamwa maginiziyamu wokwanira. Yureya sakanathandiza kanthu apa.

Ndinasungunula magalamu 20 a mchere wa Epusomu, womwe uli ndi maginiziyamu, pa lita imodzi ya madzi, n'kupopera tomato madzulo kuti masamba asapse. Ndinasiya dala mbewu zisanu osapopera, kuti ndikhale ndi pofanizira, ndipo ndinabwereza patatha masabata awiri. Chimanga ndinachibereketsa ndi yureya dothi lili lonyowa, n'kukwirira.

Masamba omwe anali atafika kale pa chikasu chenicheni sanabwerere mwakale, ndipo sindinayembekezere kuti atero. Ndinkayang'ana apamwamba pake. Pa tomato wopopera chikasu chinaima, pa zisanu zija chinapitiriza kukwera. Tsopano ndatenga dothi kuti likayezedwe, ndipo likapezeka ndi asidi wambiri ndidzathira laimu wa dolomaiti ndisanabzalenso, chifukwa iyeyo ali ndi maginiziyamu.