Tsiku limene ndinasamutsa phiri la Mulanje

Popeza ena mwayamba kale kundiitana kuti Asamutsaphiri, bola ndifotokoze ndekha musanaithire mchere wanu. Inde, phiri linathawa. Koma linali phiri lojambulidwa bwino, zimenezo palibe akuzinena.

Kachigawo kake ka katuni imene ndinkapangira anthu ena kanali ka masekondi 10 okha: mnyamata wa kabaza akupalasa kulowera ku Muloza. Mu katuni yotere njinga siyenda, imangokhala pakati pa sikirini miyendo ikupalasa. Chimene chimayenda ndi dziko la kumbuyo kwake, ndipo umalidula m'maleya. Ine ndinali ndi asanu: thambo, phiri, minda ya tiyi, msewu, ndi udzu wakutsogolo kwenikweni. Nzeru yake aliyense amene anakhalapo pawindo la basi akuidziwa. Mitengo ya m'mbali mwa msewu imadutsa ngati mphezi, pomwe phiri lakutali limachita ngati likukuperekeza. Diso likaona kusiyana kwa liwiroko limakhulupirira kuti chithunzi chafulati chili ndi kuya. Anzathu amati paralakisi.

Ndiye leya iliyonse umaipatsa nambala yake. Msewu ndi 1, chifukwa ndi pamene matayala aponda, ndipo unayenera kuyenda mapikiselo 3000. Tiyi 0.4. Thambo 0, lingokhala phee. Phiri 0.1, kutanthauza mapikiselo 300 basi m'masekondi onsewo. Udzu 1.5, mapikiselo 4500. M'lifupi mwa chojambula umawerenganso pomwepo: sikirini kuphatikiza mtunda umene leyayo iyende. Sikirini inali 1920, choncho phiri linkafuna 2220, ine n'kulijambula 2400 kuti pakhale potsala. Mukuona? Masamu ndinakhoza.

Chinandipha ndi maina. Phiri linali `Layer 7`, udzu unali `Layer 7 copy`. Musandifunse chifukwa. Usikuwo magetsi anali atangobwera cha m'ma 11, maso ali psuu, ndipo 1.5 ndinaipatsa phiri, 0.1 n'kupatsa udzu. Ndinayang'ana fulemu yoyamba, mwa mafulemu 240, ndinaona kuti ndi yokongola, n'kuisiya kompyuta ikurenda, kutanthauza kulumikiza zonse kukhala vidiyo, ine kukagona.

M'mawa ndinapita nayo kwa eni ntchito osaionera. Pulojekita, makatani otseka, anthu asanu ndi awiri, mabisiketi pambale.

Sekondi yoyamba isanathe n'komwe, Mulanje ananyamuka. Abale, sindikunena kusuntha. Phiri lonse, ndi Sapitwa yemwe, kamtambo kake kali pamutu ngati nkhata, linaliyatsa liwiro la mapikiselo 450 pa sekondi kulowera ku Limbe, kuposa msewu umene. Linkadutsa kumbuyo kwa minda ya tiyi mwaulemu ndithu, osagunda kanthu, ngati munthu wamkulu amene watsekula m'mimba pamaliro koma sakufuna kuti anthu adziwe. Pamene panatsala kunja kwa sikirini, mapikiselo 480, panatha m'sekondi imodzi ndi kanthu. Kenako kunatulukira malire a chojambula, mzere woongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi, phiri lodulidwa ngati buledi. Pofika sekondi yachisanu ndi chimodzi kunalibenso phiri. Thambo lokhalokha, mnyamata wanga akupalasabe, akumwetulira, osadziwa kuti boma lonse lasamuka.

Udzu nawo unakana kutsala. Msewu ukuthawa pansi pake, iwo unkangokwawa pang'onopang'ono, moti pamaso unkaoneka ngati ukutsetsereka pa phula kutsatira njinga. Tchire lathunthu kulondola wakabaza ngati ali nalo ngongole.

M'chipindamo munangoti zii. Kenaka bambo ena achikulire, amene sanayankhulepo chiyambire, anavula magalasi.

"Achimwene, pepani, mwina ndi ukalamba. Phirilo likupita kuti?"

Ndinati, "Bambo, ndi kakonzedwe chabe."

"Ayi, ndangofunsa, poti kwathu ndi konko. Ndimati ndiwaimbire kunyumba."

Mayi amene anali pafupi ndi mabisiketi anati mwina mizimu ya ku Sapitwa yatopa ndi alendo. Wina anapempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza kanayi, ndipo kachitatu foni ya wina inali m'mwamba, n'chifukwa chake nonsenu mwaiona.

Koma tinene zoona. Phiri lija ndinalipaka mtundu wotuwa wopita kobiriwira ngati thambo, lopanda mizere yambiri, monga chinthu chakutali chimaonekera. Udzu ndinaudetsa n'kuuchititsa chimbuuzi pang'ono. Mukaimitsa pa fulemu yoyamba, kuya kwake mungaponyemo mwala. Ndiponso vutoli likanagwidwa ndi kungokoka kamzere ka nthawi mpaka fulemu 240 n'kuona ngati zonse zilipo, ntchito ya masekondi atatu. Ndikudziwa. Mng'ono wanga wa Fomu 2 wandiuza kale, kawiri.

Kukonza kunanditengera mphindi imodzi, kusinthanitsa manambala awiri aja. Maleya tsopano ali ndi maina, `phiri` ndi `udzu`. Bambo aja ndinakumana nawo Loweruka pamsika, anangondigwira dzanja n'kundiuza kuti anaimba kunyumba, akuti lilipo.